Nyumba Yanu Ikhala pa Zingati? Kayezedwe ka Mtengo ndi Ufulu wa Wogulitsa mu Lusaka

Aliyense amene akufuna kugulitsa nyumba mu Lusaka amakhala ali kale ndi mtengo m'mutu. Wina amawerengera simenti, njerwa ndi malata zimene anagula. Wina amawerengera zimene akufuna kuchita ndi ndalamazo: fizi ya ana, ngongole ya ku banki, kamunda ku Chongwe. Koma ambiri amangoyang'ana chikwangwani cha pageti la oyandikana nawo, namati: "Ngati aja akuitanitsa zakutizakuti, ine ndichepetserenji?" Mawerengero onsewa ngomveka, koma wogula sawalabadira. Iye amafunsa funso limodzi lokha: ndi ndalama zomwezi, ndingapeze nyumba yotani kwina m'dera lomweli?

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayeza mtengo poyerekeza ndi nyumba zofanana zimene zagulidwa posachedwa, ndalama n'kulipiridwa, dzina n'kusinthidwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mtengo wolembedwa pachikwangwani ndi fodya wapachala. Umboni weniweni ndi mtengo umene wina analipiradi, ndipo inu wogulitsa muli ndi ufulu wouona umboniwo musanavomere nambala iliyonse.

Chimene mukugulitsa kwenikweni

Mu Zambia nthaka yonse ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Lamulo la Malo la 1995 limatero, ndipo munthu amapatsidwa malo pa lizi yosapitirira zaka 99. Choncho mukamagulitsa nyumba ku Woodlands kapena ku Chelstone, mukugulitsa nyumbayo pamodzi ndi zaka zimene zatsala pa liziyo. Malo akale amene anali a muyaya anasandutsidwa lizi ya zaka 100 mu 1975, m'nthawi ya Kenneth Kaunda, ndiye kuti ili ndi malire ake mu 2075. Woyeza mtengo wanzeru amayamba ndi taito, kenaka makoma.

Lamulo la 1995 lomwelo limati simungagulitse kapena kusamutsa malo popanda chilolezo cha boma, chimene chimapemphedwa kudzera kwa Komishinala wa Malo. Ngati mwapempha ndipo masiku 45 adutsa osayankhidwa, lamulo limatenga kuti chilolezocho chaperekedwa. Akakukanizani ayenera kukuuzani zifukwa, ndipo mungathe kukadandaula ku bwalo loweruza nkhani za malo.

Mapepala amasiyana dera ndi dera. Nyumba zambiri za ku Kabwata ndi ku Chelstone zinali za khonsolo, ndipo zinagulitsidwa kwa okhalamo kuyambira mu 1996, Frederick Chiluba ali Pulezidenti. Ena anamaliza zonse n'kutenga taito, ena mpaka lero akusunga kalata ya ofa ndi malisiti okha, ndipo nthawi zina dzina ndi la munthu amene anamwalira kalekale. Nyumba ziwiri zoyang'anizana, zomangidwa mofanana, sizingakhale pa mtengo umodzi ngati ina ili ndi taito yoyera pamene inzake ilibe. Banki sibwereketsa wogula ndalama pa nyumba yopanda taito, ndiye ogula amachepa, mtengo nawo n'kutsika.

Ejenti ndi woyeza mtengo ndi anthu awiri

Ejenti ntchito yake ndi kukupezerani wogula, ndipo amadya komishoni nyumba ikagulidwa. Lamulo la maejenti la chaka cha 2000 limafuna kuti akhale wolembetsedwa ku bungwe la Zambia Institute of Estate Agents. Angathe kukuuzani maganizo ake pa mtengo, ndipo ejenti wodziwa dera lake amakhoza ndithu. Koma lipoti la mtengo limene banki kapena khoti lingalandire limalembedwa ndi woyeza mtengo wolembetsedwa, amene anthu amangomutchula kuti valuwa. Iyeyu mumamulipira pa ntchito yoyezayo, kaya nyumba igulidwe kaya ayi, choncho alibe chifukwa chokunyengererani.

Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa ejenti ali ndi mayesero awiri. Angakweze mtengo kuti mukondwere mum'patse ntchito, podziwa kuti pakapita miyezi mudzatopa n'kutsitsa nokha. Angathenso kuutsitsa kuti nyumba ipite msanga alandire zake. Palinso anyamata a pakati, osalembetsedwa kulikonse, amene amakuuzani kuti "inu nenani yanu, zapamwamba n'zathu." Nyumba ikadutsa m'manja mwa atatu otere, imamveka m'tauni ndi mitengo itatu yosiyana, ndipo ogula enieni amayamba kukayika ngati ili bwinobwino. Funsani chikalata cha umembala, ndipo mugwirizane za komishoni polemba ntchito isanayambe.

Chitsanzo cha ku Chelstone

Tiyerekeze ndi nkhani iyi. Manambala ake ndi ongophunzirira njira, si mitengo ya pamsika lero.

Mayi wina wopuma pantchito ali ndi nyumba ku Chelstone, chakumpoto kwa msewu waukulu wopita ku Chipata. Ndi ya zipinda zogona zitatu, pa poloti ya masikweya mita 600, yozingidwa ndi mpanda wa njerwa. Denga ndi lakale lija la asibesitosi, ndipo siling'i ya kuchipinda chochezera ili ndi chizindikiro chachikasu pamene mvula imadontha. Madzi ndi a kampani okha, chitsime chobowola palibe, ndipo msewu wa pakhomo ndi wafumbi. Taito ili m'dzina lawo. Mayiwa akufuna K1,800,000 chifukwa nyumba ya pakona ikuitanitsidwa pa mtengo umenewo.

Woyeza mtengo wafika, wayenda ndi tepi kuzungulira nyumba, wasuzumira m'denga ndi tochi, watsegula mipopi, wayang'ana m'munsi mwa makoma ngati muli mzere wa madzi osefukira a dzinja lathali. Kenaka wapeza nyumba zisanu za m'deralo. Ziwiri wazitaya nthawi yomweyo. Yoyamba kutayidwa ndi ya pakona ija, popeza sinagulidwe, ndipo chikwangwani chake chakhala pageti miyezi 14 mpaka utoto kufufuma. Chimene nyumbayo ikutiuza n'chakuti K1,800,000 ndi mtengo umene ogula akuukana. Yachiwiri kutayidwa inapita pa K900,000, koma anagulitsana pachibale, mkulu ndi mng'ono wake. Mtengo wa pamsika ndi wa anthu awiri osadziwana, wogulitsa wosakakamizidwa ndi wogula wosathamangitsidwa. Malonda a pachibale, kapena a nyumba yolandidwa ndi banki, sapereka chithunzi cholondola.

Zatsala zitatu, ndipo lamulo la kawerengedwe ndi losavuta. Ngati nyumba yogulidwayo ili ndi chinthu chimene yanu ilibe, mumachotsa pa mtengo wake. Ngati yanu ndiyo ikuposa, mumawonjezera. Cholinga ndi kuisandutsa nyumba ija, papepala, kuti ifanane ndi yanu.

Nyumba yoyamba ili mumsewu womwewo, kukula kwake n'chimodzimodzi, ndipo inagulidwa miyezi itatu yapitayo pa K1,450,000. Koma ili ndi chitsime chobowola ndi thanki, komanso denga latsopano la malata. Woyezayo achotsa K60,000 ya chitsime ndi K70,000 ya denga. Yatsala K1,320,000.

Yachiwiri inagulidwa miyezi isanu yapitayo pa K1,180,000. Iyi ndi ya zipinda ziwiri, ndipo mpanda wake unalekezera panjira. Apa nyumba ya mayi aja ndiyo ikuposa, ndiye awonjezera K90,000 ya chipinda chachitatu ndi K40,000 ya mpanda. Yafika pa K1,310,000.

Yachitatu inagulidwa miyezi khumi yapitayo pa K1,600,000. Ili pamsewu wa tala ndipo kuseri kuli kanyumba kochititsa lendi. Achotsa K220,000 ya kanyumbako ndi K80,000 ya msewu, kenaka awonjezera K50,000 poona kuti mitengo ya m'deralo yakwerako pang'ono m'miyezi imeneyi. Yakhala K1,350,000.

Nyumba zitatu zimene zinayambira patalipatali, kuchokera pa K1,180,000 mpaka K1,600,000, tsopano zaunjikana pakati pa K1,310,000 ndi K1,350,000. Kuunjikana kumeneku ndiko chizindikiro chakuti kawerengedwe kayenda bwino. Zikanakhala kuti zabalalikabe, bwenzi tikudziwa kuti pali chimene chaphonyedwa kapena nyumbazo n'zosafanana kwenikweni. Woyezayo sangophatikiza zitatuzo n'kugawa ndi 3. Amatsamira kwambiri pa yoyamba, chifukwa ndiyo yapafupi, yaposachedwa, komanso yosinthidwa pang'ono. Yachitatu amaikhulupirira mochepa, popeza nyumba imene mwaichotsera ndi kuiwonjezera kwambiri imakhala mboni yofooka. Mtengo wake aika pa K1,320,000.

Dziwani kuti zochotsera ndi zowonjezerazi si ndalama zimene mwini nyumba anawononga, koma zimene wogula angalolere kulipira. Chitsime chobowola ndi magetsi a dzuwa zinayamba kulemera pamaso pa ogula chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima nthawi yaitali tsiku lililonse. Koma matayilosi odula a mtundu umene inu mumaukonda, kapena bala yomangira m'chipinda chochezera, wogula angazione ngati ntchito yogumula.

Pomaliza woyezayo amayesa yankho lake ndi lendi. Tinene kuti nyumba yotere imachititsidwa lendi ya K7,500 pamwezi, ndiye K90,000 pachaka. Wogula pa K1,320,000 angabweze ndalama zake m'zaka pafupifupi 15. Wogula pa K1,800,000 adikira zaka 20 pa lendi yomweyo. Munthu wogula kuti aikemo alendi amawerengera zimenezi asanatsike n'komwe m'galimoto.

Kumuuza mwini nyumba

Apa ndi pamene ntchito imavuta, chifukwa mayi aja analerera ana m'nyumbamo ndipo mtengo wa mango wa pabwalo anadzala okha. Woyeza waulemu sayamba ndi nambala. Amayala mapepala patebulo, nyumba iliyonse ndi msewu wake, mwezi umene inagulidwa ndi mtengo wake.

"Amayi, nyumba ya pakona ija mukuidziwa kuposa ine. Chikwangwani chija chakhalapo nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka chatha, mwanangu, mwinanso kupitirira."

"Ndiye anthu aiona, amayi, ndipo aikana. Koma iyi ya mumsewu wanu inapita m'masabata ochepa. Tiyeni tione kuti yanu ikusiyana nayo pati."

Akatero amatchula manambala atatu, ndipo wogulitsa aliyense ayenera kuwapempha onse atatu. Yoyamba ndi mtengo woyezedwa uja, K1,320,000. Yachiwiri ndi mtengo woitanira, umene umakwerako pang'ono kuti pakhale potsitsira, popeza mu Lusaka palibe wogula amene salira kuti mum'chotsereko. Apa K1,400,000 ikukwanira: wogula akanenerera n'kuchotseredwa K70,000 amachoka wokondwa, inunso simunaluze. Yachitatu ndi mtengo wotsiriza umene simungatsike kupitirira apo, tinene K1,300,000, ndipo umenewu ndi chinsinsi cha inu ndi ejenti wanu basi.

Bwanji osangoyamba ndi K1,800,000 n'kumatsika pang'onopang'ono? Chifukwa ogula amene ali ndi K1,300,000 sabwera n'komwe kudzaona, pamene amene ali ndi K1,800,000 amabwera, n'kuyerekeza ndi nyumba zabwino zimene aona kwina, n'kupita. Miyezi ikadutsa anthu amayamba kunong'onezana kuti nyumba ija ili ndi mlandu. Ngati munatulutsa alendi kuti mugulitse, chaka chimodzi chodikira chakudyerani K90,000. Ndipo ngakhale atapezeka wovomera mtengo wokwerawo, ngati akudalira ngongole, banki idzatuma valuwa wake, idzabwereketsa molingana ndi lipoti lake, malonda n'kufera pomwepo.

Komabe mawu otsiriza ndi a mwini nyumba. Palibe lamulo lokukakamizani kugulitsa pa mtengo wa valuwa kapena wa ejenti. Ufulu wanu ndi kuuzidwa zoona, kuonetsedwa nyumba zimene ayerekezera, kuuzidwa za wogula aliyense amene watchula mtengo, ndi kufunsa woyeza wina ngati simukukhutira.

Zimene zidzalowe m'thumba

Walira mvula walira matope. Mtengo wogulitsira si ndalama zimene mudzapite nazo kunyumba. Msonkho wosamutsira katundu amalipira ndi wogulitsa ku ZRA, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2025 unakwera kuchoka pa 5 kufika pa 8 peresenti. Popeza msonkhowu umasintha ndi bajeti ya boma, funsani mlingo wake musanasaine.

Tinene kuti mayi aja agwirizana ndi wogula pa K1,330,000. Msonkho wa 8 peresenti ndi K106,400. Ngati anapangana ndi ejenti komishoni ya 5 peresenti, imeneyo ndi K66,500. Tiikepo K20,000 ya loya, ndi K12,000 ya ngongole zotsalira za msonkho wa khonsolo, lendi ya nthaka ya ku Unduna wa Malo ndi bilu ya madzi. Zonse pamodzi ndi K204,900, ndipo m'thumba mulowa K1,125,100. Wogulitsa amene wamva nambala imeneyi pachiyambi amakonza mapulani ake bwino. Amene waimva patsiku lolandira ndalama amaganiza kuti amubera.

Pamenepa pamabwera mayesero ena. Wina adzakuuzani kuti mulembe mtengo wochepa pamapepala kuti msonkho uchepe, zotsalazo mulandire pamanja. Umenewo ndi mlandu. Komanso lamulo silitengera zimene mwalemba zokha: msonkhowu umawerengedwa pa mtengo umene katunduyo akanagulidwira pamsika, ndipo Komishinala Wamkulu wa ZRA ali ndi mphamvu youika yekha akaona kuti wanu ndi wotsika mokayikitsa. Wogula akakana kupereka za pamanja zija, kukhoti mudzapita ndi pepala lonena zochepa. Chizolowezi chimenechi ndichonso chimachititsa woyeza wosamala kuti asadalire nambala ya m'kaundula yokha, koma atsimikize kwa maloya, maejenti ndi mavaluwa anzake amene anagwira malondawo.

Musasokonezenso mtengo wa pamsika ndi nambala imene ili pa bilu ya khonsolo. Imeneyo imachokera m'kaundula amene Khonsolo ya Mzinda wa Lusaka imagwiritsa ntchito potolera msonkho wa nyumba motsata lamulo la 2018, ndipo inayezedwa tsiku limodzi kwa dera lonse, mwina zaka zingapo zapitazo. Mtengo wa inshuwalansi nawo ndi wina: ndi ndalama zomangiranso nyumba itapsa, osawerengera nthaka.

Dera lililonse ndi muyeso wake

Njira ndi yomweyi paliponse, koma chimene chimalemera chimasiyana. Ku Kabwata mapoloti ndi aang'ono ndipo tauni ili pafupi, choncho ogula amawerenga zitseko zochititsa lendi. Koma zipinda zowonjezera zomangidwa popanda pulani yovomerezedwa ndi khonsolo woyeza sangaziwerengere mtengo wonse, chifukwa khonsolo ili ndi mphamvu yolamula kuti zigumulidwe. Fulati iyerekezedwe ndi fulati inzake, osati ndi nyumba yokhala payokha.

Ku Kabulonga ndi ku Woodlands yakale, kumayadi kwenikweni, nthawi zambiri wogula akufuna nthaka. Nyumba yakale ya pa poloti yaikulu angaigumule kuti amangepo mafulati kapena maofesi, ndiye kuyerekeza kumachitika pa mtengo wa sikweya mita imodzi ya malo, osati pa chiwerengero cha zipinda. Chiyembekezo chosandutsa nyumba kukhala ofesi chili ndi mtengo pokhapokha ngati chilolezo chosintha ntchito ya malo chilipo kapena chingapezekedi. Kumeneku mitengo imakonda kutchulidwa m'madola, choncho poyerekeza muyenera kudziwa kuti kwacha inali pati tsiku la malondawo. Samalaninso ndi mayina: nyumba ya ku Woodlands Extension kapena ku Chalala ingalengezedwe ngati ya ku Woodlands, koma mitengo yake ndi ina. Pakati pa tauni, m'misewu ya Cairo, Cha Cha Cha ndi Freedom Way, malonda a nyumba zogona ndi osowa, ndipo nyumba zamalonda zimayezedwa makamaka ndi lendi imene zimabweretsa.

Nyumba ya masiye, ndi zochita musanaike chikwangwani

Nyumba zambiri zogulitsidwa ku Kabwata ndi ku Chelstone ndi za makolo amene anatisiya. Ngati malemu sanasiye wilo, lamulo la 1989 la chuma cha masiye limati nyumba ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Woyang'anira chuma cha masiye si mwini nyumba. Kuti agulitse ayenera kupeza chilolezo cha khoti, ndipo udindo wake ndi kupeza mtengo wabwino koposa umene ungapezeke. Apa lipoti la valuwa wolembetsedwa limateteza onse: ana amene ali kutali sangamunene kuti anagulitsa motchipa kwa mnzake, iyenso ali ndi choonetsa akafunsidwa. Aliyense amene ali ndi gawo pa nyumbayo, akaona kuti ikugulitsidwa mwachinyengo, angathe kukaika chiletso, chimene maloya amati kaviyati, ku kaundula wa malo, ndipo dzina silingasinthidwe mpaka nkhaniyo itathetsedwa.

Choncho musanaitane wopenta chikwangwani, yambani mwakafufuza taito yanu ku kaundula, ku Unduna wa Malo kapena ku khonsolo malinga ndi kumene inalembetsedwa, muone ngati palibe ngongole yakale ya banki kapena chiletso chimene simukuchidziwa. Lipirani zotsalira za khonsolo ndi lendi ya nthaka, chifukwa chilolezo chogulitsira sichiyenda pali ngongole. Sonkhanitsani pulani ya nyumba ndi malisiti. Pangano la malonda likhale lolembedwa, lodutsa kwa loya wanu, ndipo taito yeniyeni isachoke m'manja mwanu kupita kwa munthu wa pakati.

Ndipo amene adzakutchulireni mtengo, kaya ndi ejenti, kaya valuwa, kaya mlamu wanu wodziwa zonse, mufunseni mwaulemu kuti akutchulireni nyumba zitatu za m'dera lanu zimene zagulidwa chaka chino, misewu yake, ndi ndalama zimene zinalipiridwa. Akayankha, khalani naye pansi muwerengere limodzi. Akayamba kukamba za chikwangwani cha pakona, m'patseni madzi akumwa, mum'perekeze mpaka pageti.